Balansi sinatsikepo pansi pa ziro, nanga chiwongola dzanja cha ngongole chachokera kuti?

Nachisale: Moni nonse. Ndikupempha amene amadziwa za mabanki akunja andithandize. Ndili ndi bizinesi yaing'ono yosoka zikwama, ndipo akaunti yake ili ku banki ina ya ku Jeremani, ya mayuro. Kasitomala wanga wa ku Amereka anandilipira invoyisi ya madola 5,000 mu Epulo 2025. Sitetimenti yabwera, koma zinthu ziwiri zikundizunguza mutu. Choyamba, nditawerengetsera pa foni tsiku lomwe ndalama zinalowa ndinkayembekeza mayuro 4,405, koma afika ochepa ndithu. Chachiwiri, andidula chinthu china chimene mwana wanga akuti ndi chiwongola dzanja cha ngongole, pomwe ine sindinakongole kalikonse. Ndakopera mizere yake monga ilili, ndangochotsa mayina ndi manambala a akaunti.

```
Buchung  Wert    Vorgang                 Betrag EUR
                 Alter Saldo               620,40 H
16.04.   22.04.  Gutschrift AZV          4.326,09 H
                 USD 4.975,00 Kurs 1,1500
16.04.   22.04.  Entgelt AZV                12,50 S
17.04.   17.04.  SEPA-Überweisung        3.900,00 S
30.04.   30.04.  Sollzinsen                  6,60 S
30.04.   30.04.  Kontoführung                9,90 S
                 Neuer Saldo             1.017,49 H
```

Za pa 17 zija ndine ndinalipira amene amandigulitsa zikopa. Ndinayamba ndayang'ana pa apu, ndalama zinkaoneka kuti zilimo.

Tadala: Mayi, pepani kwambiri. Koma ine ndikuona ngati vuto ndi lalikulu kuposa mmene mukunenera. Palembedwa 4.326. Si mayuro anayi okha amenewo? Imbani foni ku bankiko lero lomwe.

Gama: Ayi achemwali Tadala, musawaopseze mayiwa. Ku Jeremani kadontho ndi kampatuliro amazigwiritsa ntchito mosemphana ndi mmene tinaphunzirira ambirife. Kadontho kamalekanitsa masauzande, ndipo kampatuliro ndi komwe kamasonyeza masenti. Choncho `4.326,09` ndi mayuro 4,326 ndi masenti 9. Ku Falansa ambiri amangosiya kampata m'malo mwa kadontho, koma kampatuliro ndi chimodzimodzi.

Tadala: Eee, zikomo achimwene. Mtima unali utadumpha kale.

Nachisale: Zimenezo ndinazizindikira nditangotsegula akaunti. Koma `S` ndi `H` ndimangoganizira, sindinafunsepo munthu.

Mbewe: Moni mayi Nachisale. Ndinagwirapo ntchito zaka zambiri m'chipinda cha banki chimene chimaona za ndalama zochokera kunja, ndiye pepala lanuli ndaliwerenga modekha. Tiyambe ndi zilembo ziwirizo chifukwa n'zosavuta. `H` akuimira `Haben`, ndalama zolowa, kapena balansi yomwe ndi yanu. `S` akuimira `Soll`, ndalama zotuluka, ndipo mukadzaona `S` pafupi ndi `Saldo` dziwani kuti muli ndi ngongole ku banki. Pa masitetimenti a Chingerezi ndi zomwe zija amalemba `CR` ndi `DR`. `AZV` ndi chidule chawo cha malipiro a kunja kwa dziko, `Gutschrift` ndi ndalama zomwe zakulowerani, `Entgelt` ndi zomwe banki yadula pa ntchito yake.

Koma nkhani yanu yagona pa mizati iwiri yoyambirira ija, imene anthu ambiri amangoidumpha. `Buchung` ndi deti yolembera, tsiku limene banki inalemba nkhaniyo m'buku lake. `Wert`, ena amalemba `Valuta` kapena `Wertstellung`, ndi deti yowerengera, tsiku limene ndalamazo zimayamba kuwerengedwa ngati zanu pa nkhani ya chiwongola dzanja. Masiku ambiri madeti awiriwa amafanana, n'chifukwa chake munthu amatha zaka osazindikira kuti ndi awiri. Pa mzere wanu woyamba asiyana ndi masiku 6.

Chitani chonchi. Tengani pepala, muiwale mzati woyamba, musanje mizere yonse potsata mzati wachiwiri. Munayamba ndi 620.40. Chotsatira potsata deti yowerengera si ndalama za kasitomala ayi, ndi 3,900 zimene zinatuluka pa 17. Mukachotsa, mwatsika kufika pa ngongole ya 3,279.60. Mwakhala pamenepo mpaka pa 22, pamene 4,326.09 zinayamba kuwerengedwa. Amenewo ndi masiku 5 a ngongole imene pa apu simunaione, chifukwa balansi ya pa apu kawirikawiri imatsata deti yolembera.

Nachisale: Bambo Mbewe, ndasanja monga mwanenera ndipo ndapezadi 3,279.60. Ndakhala chete kaye pang'ono. Ndiye kuti ndinalipira wa zikopa uja ndi ndalama za banki osadziwa?

Mbewe: Inde mayi, m'mabuku a banki ndi mmene zinalembedwera. Kuti titsimikize kuti palibe china chobisika, funani pamene alemba kuchuluka kwa chiwongola dzanja. Kawirikawiri chimakhala pa tsamba lomaliza, pansi pa mutu wakuti `Abschluss` kapena `Rechnungsabschluss`. Mundiuze nambala yomwe ili ndi chizindikiro cha peresenti.

Nachisale: Ndaipeza. Palembedwa `14,500 %`.

Mbewe: Chabwino. Tiwerengere limodzi. Mabanki ambiri a kumeneko amatenga chaka ngati masiku 360.

```
3279.60 x 0.145 x 5 / 360 = 6.60
```

Yakwana ndendende mpaka senti yomaliza. Ndiye 6.60 ija si kulakwitsa kwa makina ndipo si chilango chongopeka. Ndi masiku 5 aja basi. Ikanapanda kukwana, tikanayesa kugawa ndi 365, ndipo ikanakanabe tikanadziwa kuti pali tsiku lina kapena mzere wina womwe sitinauone.

Chisomo: Ine ndikuti uku n'kuba kovala tayi. Ndalama yalowa pa 16, iwo omwe alemba okha kuti yalowa, kenako akuti sinalowe mpaka pa 22? Sabata yathunthu ndalama ya mayiwa inali kuti? Ndinamvapo kuti mabanki amachita dala kuti aigwiritse kaye ntchito. Mayi, tsekani akaunti imeneyo.

Gama: Achimwene Chisomo, mkwiyo wanu ndaumva, koma taonani kalendala kaye. Pa 16 Epulo 2025 linali Lachitatu, sabata ya Isitala. Pa 18 linali Lachisanu Loyera, pa 21 Lolemba la Isitala.

Mbewe: A Gama agunda pomwepo. Kasitomala anatumiza madola, koma akaunti ya mayiwa ndi ya mayuro, ndiye banki inayenera kugulitsa madolawo n'kugula mayuro. Pa msika wa ndalama zakunja, malonda a madola ndi mayuro amene mwapangana lero amamalizika pakatha masiku awiri ogwira ntchito. Ndi zomwe mumaona atalemba `T+2` kapena `spot`. Tsono werengani. Lachitatu pa 16 ndi tsiku lopangana. Lachinayi pa 17 ndi tsiku loyamba. Lachisanu Loyera njira yaikulu yomwe mabanki amalipirirana mayuro, yotchedwa `TARGET`, imakhala yotseka. Loweruka ndi Lamlungu yotseka. Lolemba la Isitala yotsekanso. Tsiku lachiwiri logwira ntchito likugwera Lachiwiri pa 22. Kupatula mapeto a sabata, njira imeneyi imatseka masiku 6 okha pa chaka: pa 1 Januwale, Lachisanu Loyera, Lolemba la Isitala, pa 1 Meyi, pa 25 ndi pa 26 Disembala. Mayi anangokumana ndi sabata yoipitsitsa pa chaka chonse. Ndalama yomweyo ikanafika Lolemba wamba, kusiyana kukanakhala masiku awiri okha.

Komabe sindikufuna kuti a Chisomo tiwatsutse kotheratu. Kufotokoza kumene deti inachokera n'kosiyana ndi kunena kuti banki inali ndi ufulu woiika. Ndibwereranso pa zimenezi.

Chisomo: Chabwino, za maholide ndavomera. Koma bwanji apu inawalola kutumiza 3,900 ngati ndalama inali isanapse? Akanangokana basi.

Mbewe: Funso lenileni limenelo. Mabanki amasiyana. Ena amakana kapena amasunga malipirowo mpaka deti ikwane. Ena amalola, makamaka pa akaunti ya bizinesi imene ndalama zake akuziona kuti zili m'njira, kenako n'kudula chiwongola dzanja. Pa Chijeremani ngongole yongololedwa chonchi, yomwe simunapangane, amaitcha `geduldete Überziehung`, ndipo chiwongola dzanja chake chimakhala chokwera kuposa cha ngongole yopangana. Mwa ziwirizi, ine ndimaona kuti kukanidwa ndi kumene kumapweteka kwambiri wabizinesi, chifukwa wokugulitsa katundu amangoona kuti ndalama sinafike, ndipo katundu amaimitsa.

Nambewe: Pepani ndilowereko. Inenso ndili ndi vuto la madeti. Sitetimenti yanga ndi ya ku Amereka, ndipo inalemba kuti ndalama inalowa `05/04`. Ndinakangana ndi kasitomala mpaka kumutumizira imelo yaukali, ndikuganiza kuti ndalama imeneyo ndi ya invoyisi ya pa 5 Epulo ndipo ya Meyi sanalipire. Kodi imeneyi ndi deti yowerengera imene mukunenayi?

Gama: Ayi mayi, yanuyo ndi nkhani ina. Ku Amereka amayamba ndi mwezi, kenako tsiku. `05/04` ndi pa 4 Meyi. Mukafuna kutsimikiza pa sitetimenti iliyonse yachilendo, funani deti imene ili ndi nambala yoposa 12. Mbali imene kuli nambala imeneyo ndi kumene kuli tsiku.

Nambewe: Mayo ine. Ndiye munthu uja analipiradi pa nthawi yake. Ndikamupepese.

Nachisale: Bambo Mbewe, za 6.60 ndamvetsa, ndipo kunena zoona si imene ikundipweteka kwambiri. Nanga zinazi? Invoyisi inali ya madola 5,000, koma apa alemba `USD 4.975,00`. Kasitomala akulumbira kuti anatumiza yonse, mpaka ananditumizira chithunzi cha lisiti yake.

Tadala: Zimenezi zinandichitikirapo. Kasitomalayo sanasankhe `OUR` potumiza. Pali `OUR`, `SHA` ndi `BEN`. Akasankha `OUR` ndalama imafika yonse osachotsapo ngakhale senti. Muziwauza makasitomala onse choncho, vuto latha.

Mbewe: A Tadala anena zoona pa gawo lalikulu. Zilembo zitatuzo zimanena amene alipire mabanki. `OUR` ndi kuti wotumiza alipira zonse. `BEN` ndi kuti zonse zichotsedwa pa ndalama ya wolandira. `SHA` ndi kugawana: wotumiza amalipira banki yake yokha, ndipo zonse za m'njira ndi za kofikira zimagwera wolandira. Kasitomala wanu sakunama. Iye anaona 5,000 ikuchoka mu akaunti yake, mwinanso anawonjezera za banki yake pamwamba. Koma banki yake ndi yanu mwina sizisungirana ndalama mwachindunji, ndiye ndalama inadutsa pa banki yapakati, ndipo imeneyo inatapapo madola 25 n'kupititsa zotsala.

Pomwe ndikusiyana ndi a Tadala ndi pa mawu akuti ngakhale senti. Ndaonapo kangapo ndalama ya madola yotumizidwa ndi `OUR` ikufika yoperewera, chifukwa lamulo lija silinafike bwino pa banki yachiwiri kapena yachitatu m'njira. `OUR` imachepetsa vutoli kwambiri, koma si chitsimikizo. Ndiponso siikhudza mtengo wosinthira ndalama, umene ukhoza kukhala kuti ndi umene wadya zambiri apa.

Musadalire lisiti ya pa foni, mayi. Pemphani kasitomala akafunse ku banki yake kope la uthenga weniweni wa malipiro, umene amautcha `MT103`. Mu 2025 mabanki anasamukira ku mtundu watsopano wotchedwa `pacs.008`, momwe mawu aja anasintha kukhala `DEBT`, `SHAR` ndi `CRED`, koma tanthauzo ndi lomwelo. Banki yanunso ikhoza kukupatsani kope la mmene uthengawo unafikira kwa iwo, ndipo limenelo ndi labwino koposa chifukwa limaonetsa zomwe zinadulidwa m'njira.

Nachisale: Ndabweranso. Ndinalembera banki yanga dzana, ndipo lero anditumizira pepalalo. Ndi manambala okhaokha. Ndikopere ati?

Mbewe: Mizere inayi yokha, yoyamba ndi `32A`, `33B`, `71A` ndi `71F`. Musaike pagulu mizere ya `50` ndi `59`, muli mayina ndi maakaunti.

Nachisale: Nayi.

```
:32A:250416USD4975,00
:33B:USD5000,00
:71A:SHA
:71F:USD25,00
```

Mbewe: Zonse zili poyera tsopano. `33B` ndi ndalama imene kasitomala analamula, 5,000, ndiye munthuyo ndi wachilungamo. `71A` ikuti `SHA`, monga a Tadala anaganizira. `71F` ndi zimene zinadulidwa ndalama isanafike ku banki yanu, madola 25. `32A` ndi zimene zinafikadi, ndipo manambala 6 oyambirirawo ndi deti, yolembedwa chaka, mwezi, tsiku: pa 16 Epulo 2025. Deti imeneyi muisunge, tiifuna.

Tsopano tiuzeni, foni yanu inkaonetsa mtengo wanji tsiku lija?

Nachisale: Ndinalemba m'kope langa. Inali 1.135.

Mbewe: Titenge umenewo. Mtengo wa pa foni ndi wapakati, umene mabanki amayambirapo, osati umene amapatsa kasitomala. Nambalayo ikunena madola angati agula yuro imodzi. Inu mukupereka madola kuti mulandire mayuro, choncho nambalayo ikakwera, inu mumalandira zochepa. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, amaona 1.15 kuti ndi yaikulu kuposa 1.135 n'kuganiza kuti banki yawakomera mtima.

```
5000 / 1.135 = 4405.29
4975 / 1.135 = 4383.26
4975 / 1.150 = 4326.09
```

Mzere woyamba ndi zimene munkayembekeza. Kuchoka pa woyamba kufika pa wachiwiri mwataya 22.03, ndiwo madola 25 a banki yapakati aja. Kuchoka pa wachiwiri kufika pa wachitatu mwataya 57.17, ndipo imeneyi ndi phindu la banki yanu pa kusintha ndalama. Kenako pali 12.50 ya `Entgelt`. Zonse pamodzi ndi 91.70.

Taonani bwino mayi. Pa ndalama zonsezi, imene yalembedwa poyera pa sitetimenti kuti tadula ndi 12.50 yokha. Yaikulu kwambiri, 57.17, ilibe mzere wake. Yabisala m'kanambala ka `Kurs` komwe kali pansi pa mzere, m'zilembo zing'onozing'ono. Anthu amakangana ndi banki pa 12.50 n'kusiya imene ili pafupifupi kasanu kukula kwake. Ndingochenjeza kuti mtengo umayenda tsiku lonse, ndiye 57.17 ikhoza kusiyana pang'ono malinga ndi ola limene banki inasintha, koma kukula kwake ndi komweko.

Chisomo: Ndiye ndinanena kuti n'kuba, mwaona?

Gama: Kuba ayi, chifukwa zonsezi zimakhala m'kabuku ka mitengo komwe tonse timavomereza potsegula akaunti. Koma kukwera mtengo, inde. Ine ndinathana nazo potsegula akaunti yachiwiri ya madola pa banki yomweyo. Madola akalowa amakhala madola, sasinthidwa okha, ndipo ndimasintha ndikafuna. Komanso deti yowerengera siichedwa chifukwa palibe chodikira.

Nachisale: Akaunti yachiwiriyo siilipiridwa pamwezi? Iyi yokha akudula 9.90.

Gama: Imalipiridwa. Ndiye muwerengetsere nokha. Ngati madola amabwera kawiri kapena katatu pa chaka, mwina sizikuthandizani. Ine amabwera mwezi uliwonse ndipo ena ndimalipiranso katundu m'madola momwemo, ndiye gawo limenelo silisinthidwa n'komwe. Kumbukiraninso kuti mukadzasintha pa banki yomweyo, phindu lawo adzatengabe, pokhapokha mutapempha mtengo wapadera. Pa ndalama yokulirapo ena amavomera mukaimba foni.

Tadala: Njira ina yosavuta si kungolemba invoyisi m'mayuro? Kasitomala azisintha yekha kwawoko.

Mbewe: Imathandiza pa zinthu ziwiri: mtengo wosinthira umakhala mutu wa kasitomala, ndipo `T+2` ija imachoka ku mbali yanu. Koma banki yapakati ikhoza kudulabe, ndipo makasitomala ena a ku Amereka amakana kapena amapempha kuti mutsitse mtengo wa katundu. Ndalamayo siisowa, imangosamukira kwa wina.

Ndibwerere pa lonjezo langa kwa a Chisomo. M'mayiko a mgwirizano wa Ulaya muli lamulo la malipiro lotchedwa `PSD2`, ndipo ndime 87 imati deti yowerengera ya ndalama yolowa isapitirire tsiku logwira ntchito limene ndalamayo yafika ku banki ya wolandira. Ku Jeremani mfundo yomweyi ili mu `§ 675t BGB`. Pepala lanu likuonetsa pa `32A` kuti madola anafika pa 16. Ndiye muli ndi pomwe mungaimire n'kufunsa chifukwa chake `Wert` ili pa 22.

Gama: Bambo Mbewe, pamenepo ine ndikukayika. Ndime yomweyo, ikamanena zoti ndalama ipezeke nthawi yomweyo, imatchula malipiro opanda kusintha ndalama, kapena osintha pakati pa yuro ndi ndalama za mayiko a mgwirizanowo. Dola silili m'gulu limenelo. Banki idzangoyankha kuti madola anafika pa 16 koma mayuro anafika pa 22, ndipo akaunti ya mayiwa ndi ya mayuro.

Mbewe: Ndi mmene adzayankhire ambiri, sindikukana. Koma ine ndimawerenga kuti kupezeka kwa ndalama ndi mfundo ina, deti yowerengera ndi mfundo inanso, ndipo zili m'magawo awiri osiyana a ndimeyo. Ndaonanso mabanki amene amaika deti ya tsiku lomwelo ngakhale asintha madola. Pa 6.60 palibe amene angapite kukhoti, koma kalata yaulemu siwononga kanthu.

Gama: Pa kalatayo tagwirizana. Pa lamulo ndikhalabe pomwe ndili.

Nachisale: Ndilembe kuti chiyani m'kalatamo? Chijeremani changa ndi chongopemphera madzi.

Mbewe: Chingerezi amalandira, ndipo ikhale yaifupi. Musanalembe, tsegulani kabuku ka mitengo ka banki yanu, dzina lake ndi `Preis- und Leistungsverzeichnis`, mufune mawu akuti `Wertstellung` pansi pa malipiro ochokera kunja. Ngati akulonjeza tsiku lomwelo, alakwitsa ndipo ayenera kukonza deti n'kubweza 6.60. Ngati alemba kuti masiku awiri ogwira ntchito, pemphani kuti akubwezereni mwa chifundo, ponena kuti apu inaonetsa ndalamayo ngati yopezeka ndipo sinakuchenjezeni. M'kalatamo muike deti ya `Buchung`, deti ya `Wert`, ndalama yake, ndi mzere wa `32A` uja.

Musachedwe. Pa malamulo a mabanki ambiri a ku Jeremani, muli ndi masabata 6 kuchokera pamene mwalandira `Rechnungsabschluss` kuti mutsutse. Mukakhala chete amatenga kuti mwavomereza. Mukhoza kudandaulabe pambuyo pake, koma udindo wopereka umboni umakhala wanu.

Chisomo: Nanga madola 25 aja? Invoyisi ndi 5,000, zafika 4,975. Kwa ine kasitomalayo adakali ndi ngongole. Amalize.

Nambewe: Ine sindingamufunse. Munthu wakupatsa bizinesi ya 5,000, iwe n'kumamulondola pa 25? Adzapita kwa wina. Ndangomaliza kupepesa wanga uja, sindikufunanso zoterezi.

Tadala: Zimatengera zimene munalemba pa invoyisi. Mayi, munanenapo za ndalama za banki?

Nachisale: Sindinalembepo kanthu. Ndinangoika `IBAN` ndi `BIC`.

Mbewe: Ndiye n'kovuta kumuumiriza, chifukwa iye anachita zimene mabanki ambiri amasankhiratu pa fomu. Chimene ndingalimbikire ndi mmene mulembere m'buku lanu. Musalembe kuti malonda anali 4,313.59, zomwe zatsala atadula zonse. Mukatero invoyisi idzaoneka yosamalizidwa mpaka kalekale, ndipo simudzadziwa kuti mabanki akukudyerani zingati pa chaka. Tsekani invoyisi yonse ya 5,000 ngati yolipiridwa. Madola 25 ndi mayuro 12.50 muwalembe ngati zolipira ku banki. Kusiyana kwa mtengo wosinthira kukhale pa mzere wake. 6.60 ndi chiwongola dzanja. Mtengo weniweni woti mugwiritse ntchito polemba invoyisiyo m'mayuro mufunse amene amakuwerengerani za msonkho, chifukwa malamulo ake amasiyana dziko ndi dziko.

Nachisale: Ndayang'ananso pa apu ndi maso atsopano. Ndikadina mzere wa ndalama yolowa pamatseguka tsamba lina, ndipo `Wertstellung` ili pamenepo, pansi penipeni. Chaka chonsechi sindinadinepo. Ndabwereranso ku masitetimenti akale, ndipo mu Disembala ndapeza `Sollzinsen` ina ya 2.10 yomwe sindinaione.

Gama: Ya Khirisimasi imeneyo, pa 25 ndi pa 26. Isanjeni monga ija, muona.

Nachisale: Ndiisanja usiku uno. Kalata ndatumiza, ndipo m'kabuku kawo ka mitengo alembadi masiku awiri pa ndalama zofunika kusintha, ndiye ndapempha mwa chifundo monga mwanenera. Kasitomala yemweyo ali ndi invoyisi ina ya madola 3,200 yoti alipire mwezi wamawa, ndipo wa zikopa akufuna ndalama yake sabata yomweyo. Ndamulembera wa zikopayo kuti andipatse masiku atatu owonjezera. Za `OUR` sindinaganize bwino ngati ndimuuze kasitomala kapena ndingowonjezera pang'ono pa mtengo wa zikwama.

Mbewe: Mukamuuza, mufunseni kaye kuti banki yake imamudula zingati pa `OUR`, chifukwa nthawi zina zimaposa 25 imene mukufuna kupulumutsayo. Banki ikayankha kalata ija mutiuze zimene anena pa deti ya pa 22, ine ndi a Gama tikufuna kumva.